Firiji siimadya gasi, musalembe kuti "ingofunika gasi"

"Ndikusamuka ku Kapata, kuno ku Chipata, kupita ku Petauke, ndiye ndifuna kugulitsa firiji yanga ya zitseko ziwiri. Ndinaigula kwa munthu, zaka zake sindizidziwa, ndipo masiku ano imachedwa kuzizira. Alamu anga akuti ndingolemba kuti ili bwino, ingofunika gasi. Kodi ndilembe chiyani?"

Amayi, kalata yanu yanditokosola pachilonda, chifukwa mawu amene alamu anu akukuuzaniwo ndi omwe anadya ndalama za mayi anga.

Mayi ankagulitsa thobwa ndi madzi ozizira pakhomo. Chaka china kutangotsala pang'ono kuti mwezi wa Okutobala uyambe, kutentha kuli pafupi, ndinawapezera firiji kwa bambo wina amene anati yake ndi yolimba, ingofunika kuthira gasi basi. Ndinalipira, ndinaitana wokonza, anathira gasi, ndipo inazizira bwino mpaka mabotolo kuchita thukuta. Patapita milungu itatu thobwa linayamba kusasa. Tinathiranso, ndipo ulendo uno sinakwanitse n'komwe milungu iwiri. Wokonza wachiwiri, mdala wosapita m'mbali, ndiye anandikhazika pansi n'kundiuza kuti gasi wa m'firiji sapsa ngati palafini. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, zaka ndi zaka. Akachepa, ndiye kuti pali pamene pabooka. Yathuyo inabooka paipi ya mkati mwa khoma la firiji, posafikika popanda kuing'amba, ndipo mayi anatha nyengo yonse yotentha akubweza makasitomala. Sanandikalipire. Ankangotsuka mabotolo opanda kanthu madzulo, ndipo zimenezo zimandipwetekabe mpaka lero.

Ndiye ine pamenepa sindinyengerera. Wolemba kuti "ingofunika gasi" akunena kuti firiji yabooka, koma akuzinena mwa njira yoti wogula asamve. Komanso inuyo simukudziwa ngati vuto ndi gasi. Firiji imachedwa kuzizira pa zifukwa zina zotsika mtengo. Labala wa pachitseko akauma kapena kung'ambika, mpweya wotentha umalowa usana ndi usiku. Tengani pepala, mulipanitse ndi chitseko, mukoke. Likatuluka mosavuta, labala watha pamenepo, ndipo yesani m'mbali zonse zinayi, makamaka pansi. Mapaipi akuda a kumbuyo akakutidwa ndi fumbi, kapena firiji ikagunda khoma, kutentha kumasowa kotulukira. Fumbi la ku Kapata m'chilimwe mukulidziwa nokha. Pukutani, muisunthe pang'ono kuchoka kukhoma, mwina mupeza kuti mumafuna kutsitsa mtengo pa chinthu chosadwala.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mita ya ZESCO inali kutiuza zoona kuyambira sabata yachiwiri, ife osamva. Mayunitsi ankatha msanga, mayi n'kumaganiza kuti ana akusiya malaiti oyaka. Pambuyo pake ndinayesa ndekha. Usiku wa 20:00 ndinazimitsa chilichonse m'nyumba kusiya firiji yokha, ndipo mita inali pa 46.3. M'mawa 06:00 inali pa 45.1. Ndiye kuti pa maola 10 yadya mayunitsi 1.2. Kachipepala ka kumbuyo kanalembedwa 120 W, ndipo chinthu cha mawati 120 chikayaka maola 10 osapuma chimadya ndendende mayunitsi 1.2. Apa zinaonekeratu kuti kompuresa, imene ndi injini ya firiji, sinapume usiku wonse. Firiji yabwino imalira, ikazizira n'kukhala chete, kenako n'kuyambanso, ndipo usiku wopanda wotsegula chitseko sifunika kupitirira theka la nthawiyo ikulira. Yathuyo inkadya pafupifupi mayunitsi atatu pa tsiku, pamwezi kuyandikira 90, ya firiji yokha yosaziziritsa n'komwe. Muyese usiku umene ZESCO sinathimitse malaiti, apo ayi chiwerengero chikunamizani, ndipo firiji ikhale itayaka kale tsiku lathunthu.

Anthu ena amati ukalemba zonsezi palibe adzagula. Ine ndaona zosiyana. Wogula wa kuno amabwera ndi m'bale wake wodziwa zamagetsi, amagwira kompuresa, amatsegula chitseko katatu, ndipo akapeza chimene munabisa amakana ngakhale zoona zimene munanena. Komanso Chipata ndi yaing'ono. Mudzapita ku Petauke, inde, koma alamu anu atsala, ndipo adzakumana naye munthuyo pamsika wa Kapata kapena pamaliro.

Za zaka ndi za kunyamula

Zaka musapeke. Kachipepala kaja, kamene kamakhala kumbuyo kapena mkati pafupi ndi kabati ya ndiwo zamasamba, nthawi zina kamakhala ndi chaka, ndipo pakompuresa penipeni pamatha kukhalanso deti. Mukasowa, onani mtundu wa gasi. R12 ndi wa mafiriji akale kwambiri, amene ambiri anapangidwa 1995 isanafike. R134a anabwera pambuyo pake, ndipo atsopano ambiri ali ndi R600a, amene amayaka moto, choncho wokonza ayenera kudziwa asanayandikize chowotcherera. Jambulani kachipepalako, ndipo lembani zaka zimene yakhala m'manja mwanu, chifukwa zimenezo ndiye mukuzidziwa.

Kunyamula ndi kumene anthu amakanganirana katundu atagulidwa kale. Ija ya mayi tinaigoneka chagada m'kagalimoto, ndipo titafika tinailumikiza nthawi yomweyo. Mdala uja atamva anapukusa mutu. Mukompuresa muli mafuta, ndipo firiji ikagona amayenderera m'mapaipi a gasi. Iyende choimirira, yomangidwa ndi zingwe pa kanta, chitseko chomatidwa, mashelefu a galasi atachotsedwa. Ngati yagonekedwa, iime tsiku lathunthu isanayatsidwe. Njinga zathu za ku Chipata zimanyamula makala, nkhumba, ngakhale matiresi, koma firiji ya zitseko ziwiri musaiyike pamenepo, ndipo wilibala ndi ya pakati pa khomo ndi msewu basi. Nenaninso ngati galimoto imafika pakhomo panu, chifukwa tinjira tina ta m'makomboni mvula ikagwa kanta imaima patali, ndipo pamafunika amuna awiri kapena atatu amene adzafuna yawo. Wochokera ku Katete kapena ku Lundazi ayenera kudziwa zimenezi asanakwere basi. Yezani ndi tepi kutalika, m'lifupi ndi kuya kwake, kuti nayenso ayeze chitseko cha kwawo.

Mukayesa zonse, lembani motere, koma manambala akhale anuanu:

"Firiji ya zitseko ziwiri, ili ku Kapata. Ndakhala nayo zaka zinayi, ndinaigula yogwirapo kale ntchito. Gasi R134a, 120 W. Usiku wa maola 10 yadya mayunitsi 0.7. Botolo la madzi la theka la lita lauma pamwamba usiku umodzi, koma pansi imachedwa kuzizira ndipo labala wa chitseko cha pansi watha. Sinathiridwepo gasi chiigulireni. Kutalika masentimita 160, m'lifupi 55, kuya 60. Kanta imafika pageti. Kunyamula ndi kwa wogula. Bwerani mudzaipeze ikuyaka."

Ngati usiku wonse kompuresa siipuma ndipo madzi sauma, itanani wokonza aione, mulembe zimene wapeza, ndipo muitsitse mtengo ngati yofuna kukonza. Wogula akati abwera Loweruka, iyatseni Lachisanu m'mawa, botolo la madzi lili mkati.