TV yatsopano ikuwala mopweteka maso

"Ndagula TV ya Samsung, koma usiku ikuwala mpaka maso kuwawa, nkhope za anthu zikuoneka zofiira. Kodi ndi yowonongeka?"

Ayi achimwene, sinawonongeke. Musitolo mumakhala magetsi owala kwambiri ndipo ma TV amaikidwa pamzere, choncho iliyonse imatcheredwa kuti iwale kuposa inzake, mitundu nayo n'kukokomezedwa kuti ikope wogula. Kuwala komweko mukakubweretsa pabalaza usiku kumatopetsa maso, kumadyanso mayunitsi a ESCOM pachabe.

Poyamba onani Usage Mode mu Settings. Ngati yalemba Retail Mode kapena Store Demo, sinthani ikhale Home Mode. Musadumphe pamenepa, chifukwa ikakhala ya musitolo, zonse mungasinthe zimabwerera zokha pakapita mphindi zochepa, nthawi zina n'kumatulukira timauthenga totsatsa malonda. Yanga inandivuta choncho masiku awiri, ine n'kumaganiza kuti ana akuseweretsa rimoti.

Mukatero, pa Picture Mode chotsani Dynamic muike Movie. Chithunzi chidzaoneka chachikasu pang'ono, musadandaule, maso amazolowera pakapita masiku awiri kapena atatu. Ngati chikuthobwabe m'maso usiku, tsitsani Backlight, imene pa ma Samsung atsopano imalembedwa Brightness, mpaka pakati.