Kalata yasowa mu Gmail ya Chipwitikizi: muiyang'ane kuti?

"Foni yanga ndinagulira tsidya lino la Marka ndipo zonse zimalemba m'Chipwitikizi. Kusukulu akuti ananditumizira imelo sabata yatha, koma sindikuiona. Yapita kuti?" Akufunsa choncho mayi wina wa ku Nsanje.

Mayi, musavutike kutsegula mafoda m'modzim'modzi. Pamwamba pa Gmail pali kabokosi kofufuzira. Lembanimo izi, koma pamalo pa adiresiyo ikani ya amene anakutumizirani:

```
in:anywhere from:ofesi@example.com
```

Mawu akuti `in:anywhere` ndi `from:` amagwira ntchito ngakhale foni ili m'chilankhulo chanji, ndiye musawatanthauzire. Chinsinsi chili pa `in:anywhere`. Mukangofufuza wamba, Gmail simayang'ana mu Spam ndi m'zinyalala, nchifukwa chake ambiri amati kalata sinafike pomwe ili momwemo. Ngati adiresi simukuidziwa, lembani `in:anywhere` kenako liwu limodzi la dzina la sukuluyo.

Ikatuluka, onani kachizindikiro kamene kali pambali pa mutu wake. Kakalembedwa Caixa de entrada, kalata inafika bwinobwino, kungoti mwina inagwera m'gulu la zotsatsa malonda. Dinani timizere titatu ta kumanzere, musankhe Promoções. Kakalembedwa Spam, itseguleni n'kudina Não é spam. Zinyalala zimatchedwa Lixeira pa Chipwitikizi cha ku Brazil, pomwe cha ku Portugal chimati Caixote do lixo. Apa pokha fulumirani, chifukwa za mu Spam ndi m'zinyalala zimafufutidwa zikatha masiku 30, ndipo sizibwereranso.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi kalata yopanda chizindikiro chilichonse mwa zimenezi. Imeneyo inasungidwa pambali, zomwe foni yanu imati Arquivar. Zimachitika mosadziwa: chala chikangotsetsereka pakalata kupita kumbali, basi yachoka, ndipo kauthenga kobwezera kamazimiririka musanakamve n'komwe. Musasake foda ya dzina limeneli, mu Gmail mulibe. Kalata zotere zimakhala mu Todo o correio kapena Todos os e-mails. Itseguleni, dinani timadontho titatu ta pamwamba, musankhe mawu oyamba ndi Mover para amene akutchula Caixa de entrada.

Ngati makalata a munthu yemweyo amasowa nthawi zonse, vuto si chala. Mwina pali lamulo losefera makalata, kapena munamutsekera mwangozi, pakuti makalata a munthu wotsekeredwa amapita mu Spam. Malamulowa saoneka pa Gmail ya pafoni. Pezani kompyuta, dinani kagudumu ka mano kumanja, musankhe mawu othera ndi todas as definições kapena todas as configurações, mutsegule Filtros e endereços bloqueados. Lamulo lokhala ndi liwu loti Ignorar ndi limene limalambalalitsa kalata, lichotseni.

Ngati `in:anywhere` sinatulutse kanthu, apempheni akuwerengereni adiresi imene analemba, chilembo ndi chilembo. Onaninso kachithunzi ka pakona yakumanja: pafoni yakaunjika nthawi zina umapezeka ukuwerenga akaunti ya mwini wake wakale.