Midzi 10 ndi yochepa: onjezani midzi, chepetsani makomo

"Tikukonza kafukufuku wa m'makomo m'maboma 12, wofufuza kuti ndi mabanja angati amagona m'neti komanso amatunga kuti madzi akumwa. Fomula yatipatsa sampulo ya 384. Pofuna kuchepetsa maulendo, tikuganiza zosankha maboma 3, midzi 10, ndi makomo 40 m'mudzi uliwonse, onse pamodzi 400. Kodi akwanira?"

Sakwanira, anzanga, ndipo vuto silili pa 400 ayi, lili pa kagawidwe kake. Fomula ija ya 384 imaganiza kuti khomo lililonse mwalitola mwamaere pa mndandanda wa makomo onse a m'maboma 12, lina uku lina uko. Pamenepo zotsatira zimaphonya ndi mapointi 5 okha mbali iliyonse, pa chitsimikizo cha 95 peresenti. Koma anthu a m'mudzi umodzi amafanana. Ngati maneti anagawidwa m'mudzimo, ambiri ali nawo. Ngati pali mjigo, pafupifupi onse amatunga pomwepo. Khomo lachitatu ndi lachinayi likubwereza zambiri zimene loyamba lakuuzani kale.

Kutayika kumeneku kumayezedwa ndi nambala imene katswiri wa ziwerengero Leslie Kish anaifotokoza mu 1965, ndipo pa kompyuta mudzaiona italembedwa DEFF. Imasonyeza kuti sampulo yanu iyenera kukula kangati kuti ifanane mphamvu ndi yotola mwamaere:

```
DEFF = 1 + (m − 1) × ρ
```

Apa m ndi makomo amene mwafunsa m'mudzi umodzi, ndipo ρ ndi muyezo wa kufanana kwa makomo a m'mudzi umodzi: 0 ngati safanana kuposa makomo ena onse, 1 ngati yankho lawo ndi limodzi. Tiyerekeze kuti pa funso la neti ρ ndi 0.05, kanambala kooneka kosaopsa. Ndi makomo 40 pa mudzi, DEFF ikhala 1 + 39 × 0.05, yomwe ndi 2.95. Gawani 400 ndi 2.95, mupeza 136. Mwalipira ofunsa mafunso kuti ayende makomo 400, koma chimene mwabwera nacho ndi chofanana ndi makomo 136, ndipo kuphonya kwakwera kufika mapointi 8.4. Funso la madzi ndiye loipirapo, chifukwa gwero la madzi limakhala la mudzi wonse. Ngati ρ yake ndi 0.3, DEFF ifika 12.7, ndipo makomo 400 aja atsala ngati 31 basi.

Onani kuti DEFF si imodzi pa kafukufuku yense. Funso lililonse lili ndi yake, choncho powerengera sampulo tengani funso limene lili lofunika kwambiri kwa inu, ndipo ρ yake muifune m'malipoti a kafukufuku wakale wofanana ndi wanu.

Tsopano tembenuzani manambala omwewo: midzi 40, makomo 10 pa mudzi. Makomo akadali 400, koma DEFF ya neti yatsika kufika 1.45, ndipo mphamvu yake ndi ya makomo 276. Kuti mufike pa 384 amene munkafuna, ine ndingatenge midzi 50 ndi makomo 12 pa mudzi. DEFF ikhala 1.55, ndipo 600 kugawa ndi 1.55 ndi 387. Ndikudziwa kuti kufika mudzi watsopano kumadya mafuta ndi tsiku lathunthu, pomwe kuwonjezera khomo m'mudzi umene muli kale n'kotchipa. Koma ndalama zikachepa, dulani makomo pa mudzi, midzi ikhale yomaliza kuikhudza.

Za maboma 3 zija ndiye ndikukupemphani muzisiye. Mukasankha maboma ochepa mwamaere, boma limasanduka gulu lalikulu loyamba, ndipo kuphonya kwa zotsatira kumawerengedwa kuchokera pa kusiyana kwa maboma atatuwo. Ndi magulu atatu okha, nambala imene timachulukitsira powerengera kuphonya pa chitsimikizo cha 95 peresenti imakwera kuchoka pa 1.96 kufika 4.30. Maboma 12 si ambiri. Lowani monse, boma lililonse likhale chigawo pachokha, ndipo maere ayambire pa midzi. Kugawa motere kumathandizanso kutsitsa DEFF pang'ono, chifukwa kusiyana kwa maboma sikulowanso m'kuphonya.

Midziyo muisankhe molingana ndi kukula kwake. Tinene kuti maboma onse pamodzi ali ndi makomo 200,000. Ndandalikani midzi boma ndi boma, ndipo pambali pa mudzi uliwonse lembani makomo ake mowonkhetsa ndi a midzi ya m'mwamba mwake. Gawani 200,000 ndi 50, mupeza mpata wa 4,000. Tolani mwamaere nambala imodzi pakati pa 1 ndi 4,000, tinene 1,350. Mudzi umene nambalayo yagweramo wasankhidwa, kenako 5,350, kenako 9,350, mpaka midzi ikwane 50. Boma la makomo 24,000 lipeza midzi 6 palokha popanda inu kuligawira.

Ubwino wake umaonekera pa mwayi wa khomo lililonse. Mudzi wa makomo 200 uli ndi mwayi wa 200 pa 4,000, womwe ndi 0.05, ndipo khomo la mmenemo lili ndi mwayi wa 12 pa 200. Mukachulukitsa mupeza 0.003. Mudzi wa makomo 80 mwayi wake ndi wochepa, 0.02, koma khomo lake lili ndi mwayi waukulu, 12 pa 80, ndipo yankho ndi 0.003 yomweyo. Khomo lililonse likuimira makomo 333.

Pamene ambiri amagwa ndi m'mudzi mwenimwenimo. Gulu la ofunsa mafunso likafika, musalole kuti liyambire pamsewu kapena kutsatira wolondolera amene akuloza nyumba za anthu omasuka kulankhula. Makomo a m'mphepete mwa msewu amakhala pafupi ndi mjigo ndi chipatala, ndipo kukondera kotere kulibe fomula yokukonza. Tsiku loyamba lembani makomo onse a m'mudzimo ndi kuwapatsa manambala, ndipo woyang'anira gulu ndiye achite maere. Mukapeza makomo 260 pamene kaundula wakale amati 200, lembani nambala zonse ziwiri: mwayi tsopano ndi 0.05 × 12/260, ndiye khomo lililonse la mudziwo likuimira 433, osati 333. Mukapeza chitseko chotseka, bwereraninso madzulo kapena mawa lake, osalowa kwa oyandikana nawo. Ngati mukuopa kuti ena akana, sankhani makomo 13 kapena 14 kuyambira pachiyambi, ndipo muwerengere mwayi ndi nambala imeneyo.

Pa fomu iliyonse pakhale nambala ya boma, ya mudzi ndi kulemera kwa khomo, kutanthauza makomo amene likuimira. Popanda zimenezi pulogalamu idzawerenga ngati munatola mwamaere wamba. Mu R, ndi phukusi la survey, mumalemba chonchi:

```
library(survey)
d <- svydesign(ids = ~mudzi, strata = ~boma,
               weights = ~kulemera, data = deta)
svymean(~neti, d, deff = TRUE)
```

Njira yodziwira ngati mwaphonya ndi yosavuta. Ngati pafupifupi theka la mabanja amagona m'neti ndipo lipoti lanu la makomo 600 likuti kuphonya ndi mapointi 4.0, ndiye kuti midzi sinawerengeredwe. Ndi DEFF ya 1.55 kuyenera kukhala pafupifupi 5. DEFF imene ituluke muisindikize m'lipoti pamodzi ndi m, kuti wokonza kafukufuku wotsatira apeze ρ pogawa DEFF − 1 ndi m − 1.

Dziwaninso kuti makomo 600 amenewa akuyankhira dera lonse pamodzi. Pa avereji boma limodzi lipeza midzi pafupifupi inayi yokha, makomo pafupifupi 50, ndipo simungayerekezere boma ndi linzake pa manambala otere. Ngati okutumani akufuna zotsatira za boma lililonse, auzeni panopa kuti sampulo iyenera kuwerengedwa boma ndi boma, bajeti isanatsekedwe.