Wogula pafoni sanganunkhize mpunga wanu

Funso: Alangizi, ndimagula mpunga wosapuntha kwa alimi a ku Bua, ndimapunthitsa kuchigayo pa boma la Nkhotakota n'kumagulitsa. Pa WhatsApp ndi pa Facebook ndimalemba kuti, "Mpunga wabwino kwambiri, wokoma, waukhondo, mtengo wabwino. Fulumirani!" Anthu amangofunsa kuti "zingati?" kenako zii. Ndili ndi matumba 14 a makilo 50, atha milungu itatu ali m'nyumba. Ndimagulitsa K3,500 pa kilo. Kodi nditsitse mtengo? Ndine mayi wa ku Nkhotakota.

Yankho: Mayi, mtengowo muusiye kaye pomwe uli. Matumba anuwo ndi makilo 700. Mukachotsa K300 yokha pa kilo, mwataya K210,000 musanadziwe n'komwe ngati mtengo ndiwo ukuthawitsa anthu. Ine ndikuona kuti vuto lili m'mawu anu, ndipo kukonza mawu sikulira ndalama.

Taganizirani zomwe mayi mnzanu amachita akafika pa benchi lanu kumsika. Amapisa dzanja m'thumba mpaka m'kati, n'kutapa mpunga. Amauyala pachikhatho, kuusuntha ndi chala kuti aone wosweka, mankhusu ndi timiyala. Amaununkhiza. Ena amaluma njere imodzi kuti amve ngati unauma bwino. Pa nthawi yonseyi simumamuuza kuti "ndi wabwino", dzanja lake ndi mphuno yake ndizo zimamuuza. Munthu wa ku Area 25 ku Lilongwe amene akuona uthenga wanu pafoni alibe mwayi umenewu. Mawu oti "wabwino" aliyense wogulitsa amalemba, ngakhale amene mpunga wake uli ndi anankafumbwe, ndiye wogula alibe pogwira. Chokhacho chomwe chatsala kuti akusiyanitseni ndi anzanu ndi mtengo, n'chifukwa chake amangofunsa "zingati?" n'kupita kwa wotchipa.

Ndiye tengani liwu lililonse mu uthenga wanu mulifunse kuti, "ndikutanthauza chiyani kwenikweni?" Yankho lomwe mungapereke ndilo muzilemba.

Tiyambe ndi "wabwino kwambiri". Pa mpunga, anthu ambiri akamati wabwino amanena zinthu ziwiri: mtundu wake, ndiponso kuchuluka kwa njere zosweka. Mtundu mukuudziwa kale, ngati ndi kilombero lembani kilombero, ngati ndi faya lembani faya. Musatchule kilombero pamene mwasakaniza ndi wina, chifukwa amene amaudziwa amauzindikira ndi fungo mphika usanaphulidwe, ndipo sadzabweranso. Za kusweka mungathe kuziyesa lero lomwe, opanda chida chilichonse. Tapani pang'ono pamwamba pa thumba, pakati ndi pansi, popeza wosweka umakonda kutsikira pansi thumba likamagwedezeka panjira. Sakanizani, muwerenge njere 100 pambale yoyera osasankha, kenako mupatule zosweka. Chitani katatu, m'matumba osiyana. Tinene kuti mwapeza 11, 14 ndi 12. Musalembe 11 poti ndiyo yokongola. Lembani kuti "pa njere 100 zilizonse, zosweka sizipitirira 15", kusiya kampata pamwamba pa nambala yaikulu yomwe mwapeza. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi 20, koma kwa amene akugulira ukwati kapena lesitilanti, chiganizo chimenechi n'chimene amafuna kumva.

Mukapeza kuti zosweka ndi 35 kapena 40, musakhumudwe ndipo musabise. Nthawi zambiri zimakhala choncho mpunga ukauma mopitirira padzuwa usanapunthidwe, kapena chigayo chikakhala chosakonzedwa bwino. Sefani, mugulitse wathunthu pa mtengo wake ndipo wosweka muulembe poyera kuti ndi wosweka, wa phala, pa mtengo wotsika. Uli ndi ogula ake.

"Waukhondo" ndi liwu lomwe ndimaliopa kwambiri, chifukwa aliyense amalimva mwake. Inu mwina mukutanthauza kuti munaupeta. Wogula akumva kuti angothira mumphika osasankha, ndipo mwana wake akaluma kamwala, kwa iye mwanama. Nenani ntchito yomwe manja anu agwira: "wopeta ndi lichero komanso wosankha ndi manja", kapena "wopeta kokha, musankhe musanaphike". Chachiwirichi chingaoneke ngati chikukutsitsani, koma munthu amene mwamuuza zoona pa kamwala amakukhulupirirani pa zina zonse.

Pa "wokoma" musataye nthawi kufunafuna mawu okometsera. Phikani kapu imodzi ya m'matumba omwewo, mulembe zomwe mwaona. Fungo likumveka mpaka pakhonde madzi akangowira? Ukapsa ukumwazika kapena ukumatana? Mwathira makapu angati a madzi? Mpunga wongokolola kumene umafuna madzi ochepa kusiyana ndi wakale, ndiye kutchula nyengo yokolola ndi tsiku lopunthitsa kumamuthandiza wophika, komanso kumamuuza kuti sunagonere m'nkhokwe chaka chathunthu.

"Mtengo wabwino" mungoufufuta. Lembani nambala, ndi muyeso wake. Ndikudziwa kuti amalonda ambiri amabisa mtengo dala kuti munthu abwere kumseri adzakambirane, koma ambiri safunsa n'komwe, amangodutsa. Ndipo lembani kilo ya pasikelo, osati ndowa kapena mbale, popeza ndowa ya ku Nkhotakota ndi ya ku Lilongwe sizidzaza mofanana.

Tikaphatikiza zonsezi, uthenga wanu ungamveke chonchi, ngati zomwe mwayesa zili momwemo:

"Kilombero wa ku Bua, Nkhotakota, wokolola chaka chino, wopunthitsa pa 3 mwezi uno. Wopeta ndi wosankha ndi manja. Pa njere 100, zosweka sizipitirira 15. Ukapsa umamwazika, fungo limamveka madzi akangowira. K3,500 pa kilo ya pasikelo: makilo 5 K17,500, makilo 25 K87,500, thumba la makilo 50 K175,000. Alipo matumba 14. Timatumiza ku Salima ndi ku Lilongwe pa minibasi Lachiwiri ndi Lachisanu, zoyendera ndi za wogula. Airtel Money kapena Mpamba."

Onani kuti "fulumirani" wachoka, m'malo mwake mwalowa "alipo matumba 14". Mawa mukalemba kuti atsala 11, anthu afulumira okha. Chithunzi nachonso chinene zomwezo. Musajambule thumba lotseka ayi, jambulani mpunga uli pachikhatho chanu panja powala, pafupi moti munthu atha kuwerenga njere, ndi china cha mpunga wophika m'mbale.

Pali chenjezo limodzi lomwe sindingalisiye. "Wabwino" palibe amene angakugwireni nalo, koma "zosweka sizipitirira 15" ndi lonjezo, ndipo wogula akhoza kuwerenga monga mwawerengera inuyo. Choncho lembani zokhazo zomwe mwayesa pa katundu amene ali m'nyumba lero. Matumba awa akatha n'kugula kwa mlimi wina kapena kupunthitsa kuchigayo china, muwerengenso mwatsopano, musangotumizanso uthenga wakale. Tsiku lopunthitsa nalonso likhale lenileni, ngakhale litakhala la milungu itatu yapitayo.

Uthenga watsopanowu muuyese kwa sabata imodzi mtengo uli womwewo, n'kumalemba m'kope mafunso omwe akubwera. "Zingati?" akasowa n'kuyamba kubwera "mungatumize makilo 25 Lachisanu?", dziwani kuti mawu ndiwo amakutsekerezani. Funso lomwe anthu atatu afunsa mofanana, monga ndalama ya minibasi kukafika ku Lilongwe, yankho lake mulilowetse mu uthengawo. Sabatayo ikatha anthu akudziwa zonse koma osagulabe, pamenepo funsani mitengo kwa anzanu atatu ogulitsa kilombero wofanana ndi wanu, muone ngati K3,500 ili pamwamba pa msika, ndiyeno mundilemberenso ndi manambalawo.