Kukonza msonkhano wa pa foni wa anthu a m'mayiko osiyana nthawi

"Timakhala ndi msonkhano wa pa foni ndi anzathu a ku London, New York, Mumbai ndi Sydney. Ena amalowa mochedwa ndi ola lathunthu, ena amasokoneza tsiku. Ndizilemba bwanji nthawi kuti aliyense amve?"

Vuto lalikulu ndi kuloweza kusiyana kwa maola ngati kuti sikusintha. Ambiri amangodziwa kuti London ili patsogolo pa New York ndi maola 5, koma si chaka chonse. Ku New York amapititsa mawotchi patsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lachiwiri la Marichi, pomwe ku London amadikira mpaka Lamulungu lomaliza la mweziwo. Pakati pa masiku amenewa kusiyana kumakhala maola 4 okha. Ku India mawotchi sasinthidwa n'komwe.

Choncho yambani ndi tsiku lenileni, ndipo muike nthawiyo pa UTC, nthawi ya padziko lonse yomwe mayiko amayambirapo powerengera nthawi zawo, chifukwa UTC siyendera nyengo. Titenge Lachinayi pa 12 Marichi 2026, 14:00 UTC. America idzakhala itasintha kale pa 8 Marichi, London ikudikira pa 29. Uthenga wanu ukhale wotere:

London: Lachinayi 12 Marichi, 14:00
New York: Lachinayi 12 Marichi, 10:00
Mumbai: Lachinayi 12 Marichi, 19:30
Sydney: Lachisanu 13 Marichi, 01:00

Taonani mzere womalizawo. Wa ku Sydney mukangomuuza kuti "Lachinayi", akhoza kudzuka 1 koloko usiku wolakwika, kutatsala tsiku lathunthu. N'chifukwa chake mzere uliwonse uzikhala ndi tsiku lake, ndipo pa ola loipa chonchi mufunseni kaye mwiniwake ngati angathe. Theka la ola la ku Mumbai nalo si cholakwa, India ili pa UTC+5:30.

Mwezi muzilemba dzina lake, chifukwa 03/04 kwa wa ku America ndi 4 Marichi, kwa wa ku London ndi 3 Epulo. Zidule ngati IST zisiyeni: zilembo zomwezo zimaimira nthawi ya India, ya Ireland komanso ya Israel. Dzina la mzinda silisokoneza munthu.

Msonkhano wa sabata ndi sabata ndiye wofunika diso kwambiri. Kalendala imaumangirira ku nthawi ya dera limene mwasankha poukonza. Mukaumangirira pa 10:00 ya New York, wa ku Mumbai adzalowa 20:30 pa 5 Marichi, koma 19:30 sabata yotsatira, ngakhale wotchi yake sanaikhudze. Wa ku London adzalowa 15:00, kenako 14:00 kwa masabata atatu, n'kubwerera pa 15:00 pa 2 Epulo. Gwirizanani poyera mzinda womwe msonkhanowo uzitsatira nthawi yake, ndipo kukatsala tsiku limodzi muzitumizanso mndandanda uja, aliyense ayankhe ndi ola lomwe kalendala yake ikuonetsa. Wina akatchula ola losiyana ndi la pa mzere wake, aone dera la nthawi lomwe foni kapena kompyuta yake yaikidwa.