Ndikonza sivi yanu, koma ikupita kukafunsira ntchito yanji?

"Achimwene, ndakutumizirani sivi yanga. Chonde ikonzeni ikhale bwino. Ndime ya pamwamba ikuti: Ndine munthu wolimbikira, wokhulupirika ndi wodzipereka, wotha kugwira ntchito ngakhale zinthu zitathina komanso popanda wondiyang'anira. Ndikufuna ntchito pa kampani yodziwika komwe ndingakulitse luso langa."

Zikomo achemwali pondikhulupirira ndi mapepala anu, komanso povomera kuti ndiyankhe poyera osatchula dzina lanu. Masamba awiri onse aja ndawerenga, koma sindinasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Sindingathe kuikonza ndisanadziwe kuti ikagwera pa desiki ya ndani, nanga munthuyo akufuna wantchito wotani. Zili ngati kufika pa depoti ya ku Lilongwe n'kuuza kondakitala kuti akukwezeni basi yabwino. Akufunsani kaye komwe mukupita, chifukwa basi yabwino ya ku Mzuzu ilibe phindu kwa munthu wopita ku Nsanje.

Ndikuuzeni kaye zomwe zimachitika makalata akafika ku ofesi. Amene akusankha anthu oti aitanidwe ku intaviyu sakhala pansi n'kumasangalala ndi Chingerezi chokoma. Kawirikawiri amakhala ndi pepala lomwe alembapo zofunika zija analengeza mu nyuzipepala: maphunziro akutiakuti, zaka zakutizakuti pa ntchito yofanana, kudziwa pulogalamu yakutiyakuti ya pa kompyuta. Amatenga sivi imodzi, n'kuyang'ana ngati zinthuzo zilimo, n'kuchonga kapena kudutsa. Mulu ukakhala waukulu, maso ake amagwera pa mizere ya pamwamba, ndipo akapanda kupezapo kanthu kochonga, tsamba lachiwiri mwina salifika n'komwe. Ndime ya pamwamba ija ntchito yake ndi kuyankha chilengezo cha ntchito m'mizere itatu kapena inayi. Popanda chilengezo, ndimeyo ilibe choti iyankhe.

Ndiye muwerenge ndime yanu mutadziika m'malo mwa munthu wa pepala lochonga uja. Achongapo chiyani? Palibe amene amalemba kuti ndine waulesi, choncho mawu oti wolimbikira sakusiyanitsani ndi ena onse m'mulumo. Chiganizo chomaliza chikunena zomwe inu mukufuna kupeza kwa iwo, pomwe iwo akusakasaka zomwe mungawachitire. Chomwe chandipweteka mtima n'chakuti m'munsimu muli zinthu zenizeni, zogwirika, zomwe ndime ya pamwamba yazikwirira.

Muli ndi MSCE, ndipo mu 2021 munapeza satifiketi ya zowerengera ndalama ya ICAM. Mu 2018 munagwira nawo kalembera wa anthu ndi nyumba, mukulowetsa mayankho pa tabuleti. Kuyambira 2019 mpaka 2024 munali pa shopu yogulitsa zipangizo za ulimi, ndipo ngakhale udindo wanu unkatchedwa wothandiza m'shopu, mndandanda wa ntchito zanu ukuonetsa kuti munkalandira katundu, kuwerenga sitoko mwezi ndi mwezi, kulemba buku la ndalama ndi kukasiya ndalama ku banki. Mbiri imeneyi ingakufikitseni pa zitseko zitatu: kusunga katundu, kuthandiza ku akaunti, kapena kusonkhanitsa ndi kulowetsa deta m'mabungwe. Pa chitseko chilichonse muyenera kutsogoza chinthu china.

Tiyerekeze kuti mwaona mu The Nation kapena The Daily Times kuti kampani ina ikufuna kalaliki wosunga katundu, wa zaka zosachepera ziwiri pa ntchitoyo, wodziwa kulandira ndi kutulutsa katundu komanso Excel. Ndime yanu ingayende motere (ndikulemba m'Chichewa kuti tione maganizo ake, inu mudzaiika m'Chingerezi):

"Ndagwira zaka 5 ndikulandira, kusunga ndi kutulutsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a ulimi pa shopu ya ku Mchinji. Ndinkafananiza katundu wofika ndi delivale noti ndisanasaine, ndinkalemba makhadi a sitoko, ndipo ndinkatsogolera kuwerenga katundu kumapeto kwa mwezi uliwonse pogwiritsa ntchito Excel. Ndili ndi MSCE ndi satifiketi ya ICAM."

Apa satifiketi yakhala kumapeto, chifukwa chomwe bwana wosunga katundu amaopa ndi matumba osowa. Akufuna munthu woti lole ikafika ndi matumba 300 pa pepala koma otsitsidwa n'kukhala 296, asasaine mpaka kusiyanako kutalembedwa pa pepala lomwelo, dalaivala ali pomwepo. Akufunanso wodziwa kuti mbewu ndi mankhwala zili ndi tsiku lotha mphamvu, choncho zomwe zatsala pang'ono kutha ndizo ziyambe kutuluka. Ngati munkachita zimenezi m'nyengo yotanganidwa ya Okutobala mpaka Disembala, alimi atandanda pa mzere, ndiye umboni weniweni wa kugwira ntchito zinthu zitathina, ndipo simufunikanso kulemba mawuwo.

Tsopano chilengezo chikhale cha wothandiza ku akaunti. Munthu ndi yemweyo, zaka ndi zomwezo, koma ndime yatembenuka:

"Ndili ndi satifiketi ya zowerengera ndalama ya ICAM ndipo ndagwira zaka 5 ndikulemba buku la ndalama zolowa ndi zotuluka pa shopu ya zipangizo za ulimi. Tsiku lililonse ndinkafananiza malisiti ndi ndalama za m'manja, za Airtel Money ndi za TNM Mpamba, kenako n'kukasiya ku banki. Kumapeto kwa mwezi ndinkafananiza buku lathu ndi sitetimenti ya ku banki."

Feteleza uja wasowa, chifukwa wa ku akaunti alibe naye ntchito. Satifiketi yabwera kutsogolo chifukwa nthawi zambiri ndiyo imayamba kuchongedwa. Kalembera wa 2018 sanatchulidwe m'ndime zonse ziwiri, koma bungwe lina likadzafuna anthu osonkhanitsa deta m'midzi, iye ndi amene adzakhale chiganizo choyamba, pamodzi ndi zilankhulo zomwe mumayankhula bwino ndi maboma omwe mukuwadziwa.

Muone bwino apa, achemwali: m'zitsanzo ziwirizi ndaikamo zinthu zomwe sivi yanu sinanene. Simunalembe za Excel, za delivale noti, za Mpamba kapena za sitetimenti ya ku banki. Ndangoganizira malinga ndi momwe mashopu otere amayendera. Chilichonse chomwe simunachitepo chichotseni. Apa ndi pomwe pali ngozi yopempha munthu kuti angokonza sivi popanda kumuuza kanthu. Wokonzayo, pofuna kukusangalatsani, ali ndi njira ziwiri zokha. Akhoza kukongoletsa Chingerezi, n'kuchotsa mawu wamba n'kuikamo akuluakulu, ndipo ndimeyo imabwerera ikumveka bwino koma ilibebe chochonga. Kapena akhoza kukukwezani udindo ndi kukupatsani maluso omwe mulibe. Wothandiza m'shopu amasanduka woyang'anira zachuma, ndipo pansi pake pamabwera mzere woti mumayendetsa za misonkho.

Mzere umenewo ungakulowetseni m'chipinda cha intaviyu, koma udzakutulutsaninso. Wina adzafunsa mofatsa kuti msonkho wa PAYE umaperekedwa ku MRA pofika tsiku liti, nanga wa VAT. Amene anagwirapo ntchitoyo amayankha osaganiza kuti wa PAYE ndi pofika pa 14 mwezi wotsatira, wa VAT pa 25. Amene anangolemberedwa amayamba kuyang'ana kudenga, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale zoona zomwe zili m'sivimo zimakayikiridwa. Kumbukiraninso kuti makampani ambiri kwathu kuno amapempha anthu atatu okuikirani umboni omwe angapezeke pa foni. Bwana wanu wakale akafunsidwa za udindo wanu, adzatchula womwe akuudziwa. Pali muyeso wosavuta: chiganizo chilichonse cha m'ndime ya pamwamba muzitha kuchifotokoza pakamwa kwa mphindi ziwiri, mukutchula zomwe munkagwira ndi manja anu. Chikakukanikani, si chanu.

Mwina simunatchule ntchito chifukwa mukufuna iliyonse yomwe ingapezeke. Zimenezo n'zomveka, ndipo palibe chochititsa manyazi munthu akakhala pakhomo miyezi yambiri ana akuyembekezera fizi. Koma sivi yolembera ntchito iliyonse imagonja paliponse kwa sivi ya munthu yemwe analembera ntchito imeneyoyo. Simukufunika kusankha njira imodzi kwa moyo wonse. Khalani ndi masivi awiri kapena atatu, mbiri ya m'munsi ili yomweyo, kusiyana kokha kukhale ndime ya pamwamba ndi dongosolo la ntchito zomwe mwatsogoza pansi pa shopu ija.

Ngati pakali pano mulibe chilengezo m'manja, sonkhanitsani zilengezo zitatu kapena zisanu za ntchito ya mtundu umodzi, ngakhale zomwe tsiku lake linadutsa. Ziyaleni pamodzi, mudule mzere kunsi kwa zofunika zomwe zikubwerezedwa. Pambali pa chilichonse lembani komwe munachichita ndi nthawi yake. Zitatu zomwe muli nazo umboni wamphamvu ndizo zipange ndime yanu, ndipo mugwiritse ntchito mawu omwewo a m'chilengezo, kuti wochonga asavutike kuganiza ngati zomwe mwalemba ndi zomwe iye akufuna. Mukapeza kuti zilengezo zonse za ku akaunti zikufuna dipuloma kapena kudziwa mapulogalamu a pa kompyuta owerengera ndalama a Sage kapena QuickBooks pomwe inu mulibe, mwadziwa chinthu chomwe kukonza ndime sikungathetse. Pamenepo mphamvu zambiri muziike ku ntchito yosunga katundu, komwe zaka 5 zija zikukwanira bwino, uku mukupitiriza maphunziro a ICAM.

Pali tizinthu tochepa tomwe mungakonze lero lomwe, kaya mukufunsira chiyani. Pa ntchito ya ku shopu mwangolemba zaka, onjezani miyezi yoyambira ndi yomalizira. Fayilo mwaitcha `CV new final 2.docx`. Isungeni ngati PDF ndipo ikhale ndi dzina lanu lonse, kuti isasochere pakati pa mafayilo ena ambirimbiri otchedwa chimodzimodzi. Imbiraninso anthu atatu okuikirani umboni aja, mutsimikize kuti manambala awo akugwirabe ndipo akudziwa kuti mwawatchula.

Mukandiyankha, munditumizire chithunzi cha chilengezo chomwe mukufuna kufunsira, kapena dzina la ntchitoyo ngati chilengezo palibe. Mundiuzenso zomwe mukukumbukira bwinobwino: malole ankabwera kangati pa mwezi m'nyengo ya feteleza, munkasunga katundu wa mitundu ingati, buku la ndalama munkalemba pamanja kapena pa kompyuta, komanso ngati panali nthawi yomwe munagwira kusiyana kwa katundu kapena kwa ndalama, ndi zomwe munachitapo. Nambala yomwe simukuitsimikiza musaiyerekeze, ingoisiyani. Ndikalandira zimenezi, tidzalemba ndime ya Chingerezi limodzi, chiganizo ndi chiganizo.