Mmodzi akadzuka, dzutsaninso mnzake

"Mapasa anga ali ndi masabata atatu. Bambo awo amagwira ntchito usiku, ndiye ndimakhala ndekha. Wina akangogona, mnzake wadzuka. Nditani kuti ndipezeko tulo? Nanga mkaka wangawu ukwanira ana awiri?"

Mayi, zomwe ndikuuzenizi zimveka ngati nkhanza: mmodzi akadzuka kuti ayamwe, dzutsaninso winayo ngakhale ali m'tulo tofa nato. Inenso ndi anga ndinkakana. Ndani angadzutse khanda lomwe walivutikira kuligoneka?

Koma tawerengani. Khanda la msinkhu umenewu limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24. Mukamayamwitsa aliyense payekha, ndiye kuti ka 16 kapena kuposa. Kuyamwitsa, kugeyetsa ndi kusintha thewera zikamatenga mphindi 40, maola oposa 10 apita, ndipo timipata totsalato n'tosagoneka munthu. Mukawaphatikiza, pamaola atatu alionse mumatsala ndi awiri oti mutsekeko maso.

Musanayambe, agonekeni onse pomwe dzanja lanu lingafike. Tsamirani bwino, pilo uku pilo uku. Aliyense thupi lake lidutse kunsi kwa khwapa lanu, timiyendo kuloza kumbuyo, mutu uli m'dzanja mwanu. Yambani ndi amene amavuta kugwira bere, manja onse akadali omasuka, kenako muike katswiriyo. Iyeyu akamakoka, mkaka umatsika mbali zonse, waulesiyo n'kupezerapo mwayi. Wogonayo mukafuna kumudzutsa, mufundukuleni, musintheni thewera, musisiteni kuphazi. Mabere muziwasinthanitsa tsiku ndi tsiku, kuopa kuti lina lingamakokedwe mofooka masiku onse n'kuyamba kuchepa mkaka.

Za mkaka musade nkhawa msanga. Bere limapanga molingana ndi momwe likuyamwidwira, choncho awiri akamayamwa nalonso limawonjezera. Kulira si umboni woti sakukhuta. Umboni ndi matewera onyowa 6 kapena kuposa patsiku kwa mwana aliyense, mkodzo wosaderapo, komanso kukwera kusikelo. Muzilemba papepala, aliyense mzere wake. Ine usiku wina ndinayamwitsa mwana mmodzi kawiri, mnzake akungondiyang'ana.

Amene amandidetsa nkhawa ndi wamng'ono wosavutayo. Mapasa ambiri amabadwa masiku asanakwane, ndipo khanda lotere limatha kugona ndi njala osalira. Asapitirire maola atatu osayamwa mpaka azaumoyo atakuuzani kuti walimba. Akakana bere kawiri motsatizana, akalefuka, thupi likatentha kapena kuzizira, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Akatha kuyamwa, agonekeni chagada pamalo osawofuwofu, mapilo aja mutawachotsa. Pasofa pokha ayi: munthu wotopa amasinza atanyamula ana, ndipo pamenepo khanda limabanika mosavuta. Ndipo wina akabwera masana kudzaona mapasa, m'patseni matewera achape, inu mukagone.